Mapiritsi awiri usiku wa Lolemba, kudzuka Lachiwiri dzuwa litapendeka

Mnyamata wa zaka 21, wa chaka chachiwiri pa koleji ina muno mu Lusaka, amakhala m'chipinda cha lendi ku Kalingalinga pamodzi ndi mnzake. Mayeso ake oyamba anali Lachiwiri 9 koloko m'mawa. Masiku atatu mayesowo asanafike anachezera kuwerenga, kumagona maola atatu kapena anayi basi, akudzilimbitsa ndi zakumwa za m'zitini zothamangitsa tulo zomwe ankagula pa kantemba. Chitini chomaliza anamwa Lolemba 8 koloko madzulo. Cha m'ma 9 koloko anamwa Piritoni mmodzi chifukwa chimfine chinkamuvuta. Pofika 11 koloko anatseka mabuku kuti agone, koma maso anali gwa, mtima ukugunda ngati wathamanga.

Mnzake anatulutsa kapulasitiki ka ku chipatala m'chikwama. "Iwe, imwako aka, ine kamandithandiza. Ugona bwino, mawa udzuka uli mbee." Anali mapiritsi a dayazepamu, aja ambiri amawadziwa ndi dzina loti Valiyamu, a mamiligalamu 10 lililonse. Anameza limodzi 11:30. Patatha mphindi 20 tulo tisanabwere, anaganiza kuti limodzi lachepa, nameza lachiwiri. Kenako anatsegulanso kope kuti aone masamba awiri omaliza podikira tulo.

Alamu inalira 6 koloko, iye anaizimitsa. Mnzakeyo pochoka cha m'ma 7 anamugwedeza, iye nayankha kuti, "Ndamva, ndikubwera." Anadzuka 3 koloko masana, m'kamwa mwauma, miyendo ikulemera, pa foni pali mauthenga ambirimbiri. Za alamu sanakumbuke. Zoti anagwedezedwa n'kuyankha anakana kwamtuwagalu. Masamba awiri aja anawaona ngati achilendo.

Nkhani yotere anthu amaimaliza ndi mawu oti mankhwalawo anali amphamvu kwambiri. Yankho limenelo silikwana, chifukwa mamiligalamu 20 a dayazepamu paokha sagoneka munthu aliyense maola 15. Chimene chinadya tsiku la mnyamatayu ndi nthawi. Zinthu zitatu, chilichonse ndi wotchi yake, zinakumana m'thupi limodzi usiku umodzi.

Dayazepamu ali m'gulu la mankhwala otchedwa benzodayazepini. Mu ubongo muli mankhwala achilengedwe otchedwa GABA amene ntchito yake ndi kuziziritsa mauthenga a m'mitsempha, ngati mabuleki a galimoto. Dayazepamu amawonjezera mphamvu ya mabuleki amenewa paliponse pamene ali. N'chifukwa chake mankhwala amodzi omwewa amachepetsa nkhawa, amafewetsa minofu yokokana, amaletsa kugwa khunyu, amagonetsa, komanso amasokoneza kukumbukira. Munthu sangasankhepo tulo tokha n'kusiya zinazo.

Piritsi likamezedwa silifika pachimake nthawi yomweyo. Kawirikawiri pamatenga mphindi 30 mpaka 90 kuti lichuluke m'magazi, ndipo ngati m'mimba muli nsima ya madzulo limachedwerapo. Pamene mnyamatayu ankameza lachiwiri, loyamba linali lidakali m'njira. Kulakwitsa kumeneku n'kofala pa mankhwala ogonetsa: munthu amaweruza piritsi lisanayambe ntchito, kenako awiriwo amamupeza limodzi cha m'ma 1 koloko usiku.

Kulowa n'kwachangu, koma kutuluka ndiye nkhani ina. Achipatala amayeza kutuluka kwa mankhwala ndi nthawi imene thupi limatenga kuti lichotse theka la zimene zalowa. Kwa dayazepamu, mwa munthu wachinyamata wathanzi, nthawi imeneyi ndi maola 20 mpaka 50, ndipo kwa okalamba imatalika kuposa apo. Titenge maola 40 kuti tiwerengere mosavuta. Mwa mamiligalamu 20 amene anamezedwa cha pakati pa usiku wa Lolemba, pofika 9 koloko m'mawa wa Lachiwiri, nthawi yogawa mapepala a mayeso, thupi linali litachotsa pafupifupi atatu okha. Otsala 17 anali momwemo. Theka, mamiligalamu 10, linafika Lachitatu 4 koloko masana. Asanu anali adakalipo Lachisanu m'mawa. Mankhwala amati atha m'thupi theka likachoka kasanu motsatizana, ndipo pa chiwerengero chathuchi amenewo ndi masiku opitirira asanu ndi atatu.

Pali china chowonjezera. Chiwindi pophwanya dayazepamu sichimutaya nthawi yomweyo, chimayamba chamusandutsa mankhwala ena otchedwa nodazepamu, amene nawonso amagonetsa ndipo amakhalitsa m'thupi kuposa dayazepamu weniweniyo. Pamene woyamba akuchepa, mwana wake akuchuluka.

Wina angafunse kuti nanga bwanji munthu womwa piritsi limodzi laling'ono amadzuka m'mawa bwinobwino. Chifukwa chake n'choti dayazepamu amakonda mafuta. Akalowa mu ubongo msanga, m'maola ochepa ambiri amasamukira m'mafuta ndi m'minofu ya thupi, ndipo amene ali mu ubongo amatsika mpaka kulephera kumugoneka munthu. Ngati mlingo unali wochepa, munthu amadzuka, ngakhale mankhwalawo ali chikhalire m'thupi. Ngati unali waukulu kwa munthu amene sanamwepo, kutsikako sikufika pansi mokwanira, ndipo m'mawa umamupeza adakali m'kati mwake.

Wotchi yachiwiri inali ya kafeini wa m'zitini zija. Munthu akakhala maso nthawi yaitali, mu ubongo mumaunjikana chinthu chotchedwa adenosini, ndicho chimene chimalemeretsa zikope. Kafeini sachichotsa, amangotseka malo amene chimagwira kuti ubongo usamve. Ngongole ya tulo ya masiku atatu inali ikukula mobisika kuseri kwa kafeini. Theka la kafeini limachoka m'maola pafupifupi asanu. Wa 8 koloko madzulo anali atatsika theka pofika 1 koloko usiku, ndipo pofika 6 koloko m'mawa panatsala gawo limodzi mwa anayi. Ndiye taonani mmene zinakumanirana: 11:30 kafeini anali adakali ndi mphamvu, n'chifukwa chake piritsi loyamba linaoneka ngati lachabe. Pamene alamu inkalira, chimene chinkamugwira kuti asagone chinali chitachepa kwambiri, ngongole ya masiku atatu itagwa yonse, dayazepamu ali pafupifupi wathunthu.

Wotchi yachitatu ndi Piritoni, yemwe anthu samuwerengera n'komwe poti amagulidwa popanda kalata ya dokotala. Piritsi lake ndi la mamiligalamu 4, ndipo ngakhale limamwedwa kangapo patsiku, theka lake mwa munthu wamkulu limatenga pafupifupi maola 20 kuti lichoke. Amagonetsa kudzera njira ina, potseka hisitamini, chimodzi mwa zinthu zimene zimasunga ubongo kukhala tcheru. Dayazepamu akuponda mabuleki, Piritoni wachotsa phazi pa moto. Kuuma kwa m'kamwa kumene mnyamatayu anadzuka nako n'kumene Piritoni amadziwika nako.

Tsopano za alamu ndi yankho lija loti "ndikubwera". Mnyamatayu sankanama pokana. Mankhwala a gulu limeneli amalepheretsa ubongo kusunga zinthu zatsopano pa nthawi imene ali ndi mphamvu. Munthu amatha kutsegula maso, kuyankha funso, kuzimitsa foni, ngakhale kupita ku chimbudzi ndi kubwerako, koma palibe chimene chalembedwa m'mutu. Zimene anaphunzira kale, za mwezi watha ndi za Loweruka, sizifufutika. Zimene zimatayika ndi za pambuyo pa kumeza, monga masamba awiri aja. N'chifukwa chake pa chipatala dayazepamu ndi anzake amaperekedwa kwa odwala asanawachite zinthu zosautsa: wodwala amamva zimene akuuzidwa n'kuchita, koma pambuyo pake sakumbukira zambiri. Kwa wophunzira, chimene dokotala amafuna pamenepo ndicho chimene chimamupweteka.

Mnzake uja analakwitsanso kachiwiri 7 koloko, pokhulupirira yankho. Munthu amene wamwa mankhwala ogonetsa sanadzuke mpaka atakhala tsonga, mapazi ali pansi, ndi kulankhula zomveka kwa mphindi zingapo. Mawu ochokera m'bulangete si umboni.

Tinene kuti anamukoka n'kumukweza minibasi n'kufika m'holo. Akanalemba, inde, koma osati mmene amalembera. Matsire a mankhwalawa amachedwetsa kuganiza, amasokoneza kusunga manambala m'mutu pochita samu, ndipo dzanja limalemba mopendama. Choipa kwambiri n'choti munthuyo amadzimva kuti ali bwino, nkhawa yonse yapita, moti saona kuti wawerenga funso limodzi katatu. Mayeso a Lachitatu nawonso anawalemba mankhwala opitirira theka ali m'thupi. Tsiku limene linatayika poonekera ndi limodzi, koma sabata yonse inakhudzidwa.

Nanga mwini mapiritsi bwanji ankadzuka bwino? Iye anali atawamwa kwa miyezi. Ubongo ukamakumana ndi dayazepamu usiku uliwonse umazolowera, ndipo pakatha masabata ochepa mlingo womwewo sugonetsanso ngati poyamba. Piritsi limene kwa iye linali kanthu kakang'ono, kwa mnzake amene sanalawepo linali lalikulu, ndipo anamwa awiri. Dokotala poyambitsa munthu wachilendo amayamba ndi mamiligalamu 2 kapena 5, kwa masiku ochepa, osapitirira masabata awiri kapena anayi. Amafunsanso za mankhwala ena amene munthuyo akumwa, chifukwa ena amachedwetsa chiwindi kuphwanya dayazepamu: omepurazolu wa zilonda za m'mimba, fulukonazolu wa mafangasi, ndi aisoniyazidi wa chifuwa chachikulu, yemwe anthu ambiri kuno amamwa kwa miyezi podziteteza ku TB. Mnzako wa m'chipinda sadziwa zimenezi, ndipo mwina iwe sunamuuzepo kuti ukumwa chilichonse.

Mnyamatayu anali ndi mwayi umodzi: chimene anamwa chinkadziwika. Nthawi zina "mapiritsi a tulo" amene amayenda m'manja mwa ophunzira si a tulo n'komwe. Ku chipatala mapiritsi amawerengedwa kuchokera m'chitini chachikulu n'kuikidwa m'kapulasitiki kolembedwa ndi bolopeni, zolembazo zimafufutika, kapulasitiki kamasinthidwa, ndipo mtundu wa piritsi sunena kanthu poti makampani osiyana amapanga mitundu yosiyana. M'kapulasitiki kotero mungakhale amitiriputilini wa mamiligalamu 25, wa matenda a kukhumudwa ndi ululu wa m'mitsempha, yemwe amasiya munthu ali ndi chizungulire mpaka masana, ndipo akachuluka amasokoneza kugunda kwa mtima mpaka kupha. Mungakhale fenobabitoni wa khunyu, amene theka lake limatenga masiku awiri mpaka asanu kuti lichoke. Mungakhale kulopuromazini wa matenda a maganizo, yemwe amatha kugwetsa munthu akaimirira ndi kukokanitsa khosi ndi lilime. Ndipo ngati anali a khunyu, wopereka uja wadzichotsera mankhwala a masiku ake.

Lamulo nalo lili ndi mawu pamenepa. Dayazepamu ndi mankhwala olamulidwa, amaperekedwa ndi kalata ya dokotala yokha. Bungwe la ZAMRA ndilo limayang'anira kagulitsidwe ka mankhwala m'dziko muno, ndipo a DEC amatsata mankhwala a gulu limeneli pansi pa lamulo la mankhwala osokoneza bongo la 2021. Kupatsa munthu wina ndi kupezeka nawo popanda kalata kungakuike m'mavuto amene ndi aakulu kuposa kujomba mayeso.

Chofunika kwambiri kwa anthu okhala chipinda chimodzi ndi kusiyanitsa munthu amene ali m'tulo tofa nato ndi amene wakomoka, chifukwa pa bedi amaoneka chimodzimodzi. Muitaneni dzina mokweza ndi kumugwedeza paphewa. Ngati sakuyankha, tsinani mwamphamvu mnofu wa pakati pa khosi ndi phewa. Wogona amatsegula maso, amadandaula, amakankha dzanja lanu. Amene sakugwedezeka n'komwe, kapena akungobuula osatsegula maso, ndi wa ku chipatala nthawi yomweyo. Kenako werengani kupuma kwake kwa mphindi yathunthu, mukuyang'ana chifuwa, wotchi ili m'manja. Munthu wamkulu amapuma maulendo 12 mpaka 20 pa mphindi. Akatsika pansi pa 10, kapena akamaima kupuma kwa kanthawi n'kuyambanso mobanika, kapena milomo, m'kati mwa kamwa ndi zikhadabo zikayamba kuchita mbuu kapena kuda, musadikirenso china. Mkonono waukulu wokhala ngati madzi akubwata pakhosi, kwa munthu amene nthawi zonse saliza mkonono, si chizindikiro cha tulo tabwino. Ndi lilime kapena masanzi akutseka njira ya mpweya.

Podikira galimoto, mugonekeni cham'mbali, bondo la pamwamba lopindidwa kutsogolo kuti asagudubuke, mutu utapendekera pang'ono kumbuyo, kamwa likuyang'ana pansi. Asagone chagada. Musamuthire mkaka, tiyi kapena khofi m'kamwa, ndipo musamusanzitse ndi chala kapena madzi amchere. Mkaka sutsuka mankhwala, ndipo munthu wosinza amatsamwa, zamadzizo n'kulowa m'mapapo. Musamulowetse m'bafa kuti madzi ozizira amudzutse, amagwa n'kuvulala mutu. Tengani kapulasitiki ka mankhwala ndi mapiritsi otsala, mudziwe nthawi imene anameza, ndipo mukanene zonse zimene anamwa usikuwo. Kwa a ku Kalingalinga ndi Mtendere chipatala cha Levy Mwanawasa chili pafupi. Kulinso UTH ndi zipatala za ku Chilenje, Chawama, Kanyama, Matero ndi Chipata.

Dayazepamu payekha sapha kawirikawiri munthu wachinyamata wathanzi. Amapha akakumana ndi mowa, ndi mankhwala a chifuwa okhala ndi kodini, kapena ndi tiramado, chifukwa zonsezi zimafooketsa malo amodzi mu ubongo amene amalamula kupuma. Botolo limodzi la mowa "lotsitsira" piritsi limasintha nkhani yonse. Mnzake amene akubisa za mowa kapena za kodini poopa kukalipiridwa akumubisira wachipatala chinthu chokhacho chimene chikanamuuza choti ayang'anire. Ku chipatala chithandizo chachikulu ndi kuteteza kupuma ndi kudikira. Alipo mankhwala obweza mphamvu ya dayazepamu otchedwa fulumazenilu, koma sagwiritsidwa ntchito mwachisawawa, chifukwa kwa munthu wozolowera mapiritsiwa kapena amene wamwanso amitiriputilini angayambitse kugwa ngati wa khunyu. Ngati mapiritsi amene asowa m'kapulasitiki ndi ambiri, munthuyo akadzuka mufunseni mosazungulira ngati ankafuna kudzipweteka. Funso limenelo silimuika maganizo oipa m'mutu, ndipo akavomera musamusiye yekha, auzeni achipatala, iwo angamutumize ku chipatala cha matenda a maganizo cha Chainama kapena kwa aphungu.

Amene wadzuka yekha ngati mnyamata wathuyu adye, amwe madzi, asayendetse galimoto kapena njinga tsiku limenelo ndi lotsatira, ndipo asagwire mowa kwa masiku angapo. Asayese kuthamangitsa matsirewo ndi zitini zina. Kafeini amatsegula maso koma sabwezera kukumbukira, ndipo usiku wotsatira tulo tidzasowanso, kapulasitiki kaja kali pafupi. Mmenemo ndi mmene anthu ambiri amayambira kuwadalira.

Za mayeso ophonyedwa, chimene chimathandiza ndi kupita ku chipatala tsiku lomwelo, 3 koloko yomweyo, osati Lachinayi. Wachipatala amalemba zimene waona ndi maso ake, monga kudzandira ndi lilime lolemera, ndipo pakatha masiku awiri palibe choti aone. Makoleji ndi mayunivesite ali ndi njira yopempha kulemba mayeso nthawi ina chifukwa cha matenda, aliyense ndi malamulo ake ndi masiku ake omalizira kupereka kalata, choncho kalatayo ifike kwa mkulu wa dipatimenti msanga. Kupeka matenda ena monga malungo n'kudzikola, chifukwa malungo amayezedwa magazi. Kwa wa Giredi 12 zinthu n'zolimba kuposa apo. Mayeso a ECZ amalembedwa pa nthawi imodzimodzi dziko lonse, pepala lophonyedwa silibwerezedwera munthu mmodzi, ndipo njira yotsala imakhala kudzalemba phunzirolo pa mayeso a GCE.

Usiku wa Lolemba uja, 11 koloko, chimene mnyamatayu ankaopa chinali kulowa m'holo atagona maola anayi okha. Usiku umodzi wa tulo toperewera umamusiya munthu wotopa, koma amadzuka alamu ikalira ndipo zimene anawerenga zimatuluka. Kafeini akanatsika yekha cha m'ma 1 koloko, ndipo ndi ngongole ya masiku atatu tulo tikanabwera popanda piritsi. Pokonzekera mayeso, chitini chomaliza chikhale cha masana, maola asanu ndi atatu nthawi yogona isanakwane. Tulo tikakana kwa mphindi 20 kapena 30, ndi bwino kudzuka, kukhala pampando m'kuwala kochepa, foni ili patali, n'kubwerera pabedi zikope zikayamba kulemera. Amene kusowa tulo kwamuvuta kwa masabata apite ku chipatala mayeso adakali kutali. Ngati dokotala apereka mankhwala, usiku woyamba kuwamwa ukhale wa Lachisanu kapena Loweruka, kuti thupi lionetse mmene limawalandirira m'mawa wopanda kanthu.

Patsala mwini kapulasitiki. Zikachitika zotere, mantha amamugwira n'kutaya mapiritsi onse m'chimbudzi. Kwa munthu amene wawamwa tsiku lililonse kwa miyezi, kusiya mwadzidzidzi n'koopsa. Ubongo umene unazolowera mabuleki owonjezera umathamanga wopanda choletsa, ndipo chifukwa dayazepamu amachoka pang'onopang'ono, zizindikiro sizibwera tsiku lomwelo. Zimayamba patatha masiku angapo, mwina sabata: kunjenjemera, thukuta, nkhawa yoopsa, kusowa tulo kuposa poyamba, ndipo ena amagwa ngati a khunyu. Iye abwerere kwa dokotala amene anamulembera, anene miyezi imene wamwa ndi mlingo wake weniweni, kuti amutsitsire pang'onopang'ono kwa masabata kapena miyezi.